Banki Ikalengeza Kuti Macheke Atha

Kumapeto kwa chaka cha 2020, makasitomala a mabanki a ku South Africa analandira chidziwitso chachifupi koma cholemera: pofika pa 31 Disembala, macheke atha ntchito. Palibe banki imene idzaperekenso bukhu la macheke kapena kulandira cheke. Banki yaikulu ya dzikolo inalengeza izi pamodzi ndi bungwe la mabanki, ndipo inatchula zifukwa zake: cheke imatenga masiku kuti ndalama zilowe, akuba amaipeza yosavuta kubera, kuiyendetsa n'kodula, komanso anthu oigwiritsa ntchito anali atachepa kwambiri. M'malo mwake anthu analangizidwa kulipira ndi khadi kapena kutumiza ndalama kuchoka mu akaunti kupita mu akaunti ina, njira imene pa foni ndi pa kompyuta imalembedwa kuti EFT.

Zizindikiro zinali zitaoneka kale. Mu Meyi chaka chomwecho, ndalama zochuluka zimene munthu akanalemba pa cheke imodzi zinatsitsidwa kuchoka pa marandi 500,000 kufika pa marandi 50,000. Amalonda atcheru anadziwiratu kumene zinthu zikulowera.

Chidziwitso chotere, kaya n'chotseka nthambi ya banki kaya n'chothetsa katundu wina, anthu ambiri amangochiwerenga mothamanga n'kuloweza tsiku lotseka basi. Koma tsiku lolembedwalo ndi la banki, lanu limafika msanga. Taganizani za munthu amene anagulitsa galimoto yake mu Novembala, wogula n'kumupatsa cheke yolembedwa tsiku la 15 Januwale 2021 kuti adzaitenge malipiro akalowa. Mwachizolowezi cheke imakhala ndi mphamvu kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndiye mwini wake akanaisunga m'chikwama mtima uli m'malo. Koma pa 15 Januwalepo inali itasanduka pepala wamba. Ngongoyo siinafe ayi, wogula anayenerabe kulipira, kungoti wogulitsa anayenera kuyambiranso kumulondola kuti amulipire mwa njira ina. Chanzeru chinali kubweza chekeyo Disembala asanathe n'kugwirizana za kalipiridwe katsopano.

Pamene pafunika kufatsirira kwambiri ndi pa njira zolowa m'malo. Banki ikanena kuti "gwiritsani ntchito foni," imakhala yayankha funso la mmene ndalama ziyendere. Siinayankhe funso la ntchito zina zimene chinthu chakalecho chinkagwira mwakachetechete.

Tione chitsanzo cha gulu lothandizana pa maliro, ngati amene Amalawi okhala ku Joni amakhazikitsa kuti mnzawo akamwalira thupi lipite kumudzi. Pa akaunti ya gulu lotere, cheke inkafuna anthu awiri osainira, tinene wapampando ndi msungichuma. Msungichuma sakanatha kutulutsa ndalama yekha. Kachidutswa kotsalira m'bukhu la macheke kankasonyeza tsiku, dzina la wolipidwa ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo pa msonkhano aliyense ankatha kukaona ndi maso ake. Tsono gululo likangosamukira pa foni ya msungichuma osaganiza, nambala yachinsinsi n'kukhala ndi iye yekha, chitetezo cha anthu awiri chija chatha ngakhale palibe amene waba. Mikangano ya m'magulu imayambira pamenepa.

Mankhwala ake alipo, koma chidziwitso cha tsamba limodzi sichingawafotokoze. Atsogoleri ayenera kupita ku banki ndi malamulo a gulu lawo, mfundo za msonkhano umene unagwirizana zosinthazo ndi ziphaso zawo, n'kupempha kuti akaunti ikonzedwe motere: wina alowetse malipiro, wina avomereze pa foni yake, ndalama zisatuluke onse awiri asanatero. Afunsenso mtengo wa kutumiza kulikonse ndi malire a ndalama zotumiza pa tsiku, chifukwa kunyamula maliro kuchoka ku Joni kufika ku Malawi si ndalama zochepa, ndipo malirewo akakhala otsika galimoto sinyamuka.

Pali kusiyana kwina kumene ine ndimaona kuti mabanki amayenera kukulemba ndi zilembo zikuluzikulu. Cheke ukailemba molakwika, umatha kuimbira banki kuti aiimitse isanalipidwe. Ndalama zotumiza ku nambala ya akaunti yolakwika zimavuta kubweza, ndipo kawirikawiri zimadalira kuti wolandirayo avomere. Akathyali amaidziwa bwino nyengo ya kusintha ngati imeneyi. Amatumiza uthenga wooneka ngati wochokera ku banki, wonena kuti akaunti itsekedwa mukapanda kutumiza nambala yanu yachinsinsi lero. Banki yeniyeni sifunsa nambala imeneyo, pa foni ngakhale pa kalata.

Mukaona chidziwitso chotere pakhomo la banki yanu, musadikire sabata yomaliza pamene mizere imatalika. Lowani tsiku lomwelo, mufunse tsiku lomaliza lolandira zimene muli nazo kale m'manja, ndipo yankho lake akulembereni papepala.