Makina Oswetsera Mazira ndi Nambala Zosakhazikika

Mazira a nkhuku amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5 kwa masiku 21. Amene amadzipangira okha makina oswetsera mazira amakonda kugwiritsa ntchito kabolodi ka Arduino Uno ndi kasensa ka LM35. Akalumikiza zonse, amadabwa kuona nambala ikudumphadumpha: pano 37.1, posakhalitsa 37.6, hita ikayaka 40. Ambiri amathamangira kukagula sensa ina, pomwe vuto lagona pa mmene kabolodiko kakuwerengera.

LM35 sitchula nambala ayi. Imangotulutsa magetsi ochepa kwambiri, mamilivoliti 10 pa digiri iliyonse, ndiye pa madigiri 37.5 imatulutsa mamilivoliti 375. Chosandutsa magetsiwa kukhala nambala ndi ADC, kachipangizo kamene kali mkati mwa tchipu ya ATmega328P. ADC imeneyi ndi ya mabiti 10, kutanthauza kuti ili ngati rula ya timizere 1024, kuyambira 0 mpaka 1023. Koma kutalika kwa rulayo kumadalira voliteji ina imene ADC imayerekezera nayo chilichonse. Tiitche voliteji yoyezera.

Mukapanda kusintha kanthu, Uno imatenga mavoliti 5 amene akuidyetsa kukhala voliteji yoyezera. Gawani mavoliti 5 patimizere 1024, kamzere kamodzi kakhala mamilivoliti 4.88, pafupifupi theka la digiri. Mamilivoliti 375 aja amagwera pakati pa 76 ndi 77, ndipo mukasandutsa nambalazi mupeza 37.1 kapena 37.6. Kudumpha kuja n'kumeneku.

Choopsa n'chakuti mavoliti 5 ochokera kutchaja ya foni sakhala 5 enieni nthawi zonse. Tiyerekeze kuti hita yayaka, magetsi atsika kufika pa 4.7. Timizere tonse tafupika, ADC yawerenga 82, koma pulogalamu ikuwerengetserabe ngati pali mavoliti 5. Ikuuzani kuti m'bokosi muli madigiri 40, n'kuzimitsa hita, mazira asanatenthe n'komwe. Chizindikiro chake n'choti nambala imasintha nthawi yomweyo imene hita kapena fani yayaka. Mpweya sutentha mwamsanga chotero.

Mankhwala ake ali m'tchipu momwemo. Muli voliteji yoyezera ya mavoliti 1.1 imene sitekeseka ndi tchaja, ndipo mumaisankha polemba `analogReference(INTERNAL)`. Kamzere kamodzi tsopano ndi mamilivoliti 1.07, pafupifupi madigiri 0.1, ndipo 37.5 ija ikhala 349. Mwataya mwayi woyeza kupitirira madigiri 110, koma wosamala mazira alibe nawo ntchito amenewo. Chenjerani chimodzi: 1.1 imeneyi imasiyana tchipu ndi tchipu, kuyambira 1.0 mpaka 1.2. Ngati yanu ndi 1.07 inu n'kulemba 1.1, mwaphonya ndi digiri yathunthu. Ikani mita yoyezera magetsi pa phini ya AREF pulogalamu ikuyenda, ndipo nambala imene mwaipezayo ndiyo mulembe.

Timizere tikachepa chonchi, mumayamba kuona kunjenjemera kwina: 348, 350, 349, 347. Akatswiri amati limeneli ndi phokoso, timagetsi tosafunika timene waya wautali amatola kumawaya a magetsi a m'nyumba ndi kumota ya fani. Poti phokosoli limakankhira nambala uku ndi uku, mukawerenga kambirimbiri n'kuphatikiza, zokwera ndi zotsika zimafafanizana. Kuwerenga ka 16 kumachepetsa kunjenjemerako kanayi. Komanso kuwerenga kanayi kumakupatsani biti imodzi yoonjezera, ka 16 mabiti awiri, ka 64 atatu.

```
unsigned int s = 0;
for (int i = 0; i < 16; i++) {
  s += analogRead(A0);
  delayMicroseconds(1150);
}
s >>= 2;
```

Mzere womalizawo ukugawa chiphatikizocho panayi, ndiye mwatsala ndi nambala ya mabiti 12, ya timizere 4096, pamene 37.5 ndi pafupifupi 1396. Kudikira kuli mkatimo kuli ndi chifukwa. Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi ku Zambia amazungulira ka 50 pa sekondi, kuzungulira kumodzi kumatenga mamilisekondi 20. Mukawerenga ka 16 mothamanga, mutha m'mamilisekondi osakwana awiri, ndipo zonsezo zikankhidwira mbali imodzi. Mukazimwaza m'mamilisekondi 20, phokosolo limadzifafaniza lokha.

Chodabwitsa n'chakuti mabiti oonjezerawo amafuna kaphokoso pang'ono, kokwana kamzere kamodzi kapena tiwiri. ADC ikamangoti 349 ulendo uliwonse, kuphatikiza sikuulula chilichonse chatsopano.

Ndipo musanyengeke ndi nambala yokhazikika ngati 37.52. Kuphatikiza sikukonza voliteji yoyezera yolakwika, ndipo LM35 payokha ikhoza kuphonya ndi theka la digiri kapena kuposa, malinga ndi mtundu wake. Musanaike mazira, goneketsani sensayo pamodzi ndi choyezera kutentha kwa thupi, cha kufamase chija, kutentha kukakhazikika muone kusiyana kwake, ndipo mukukonze m'pulogalamu.