Kujambula kamodzi, mazenera angapo: mmene dokotala amawerengera CT

Mnyamata akagwa pa njinga yamoto ya kabaza n'kumenyetsa mutu pa tala, dokotala amafuna kudziwa msanga ngati chibade chasweka komanso ngati magazi akuchucha m'kati mwa mutu. Kumene kuli makina a CT, wovulalayo amamugoneka pa kabedi kolowa m'chibowo cha makinawo, ndipo pakatha mphindi zochepa wajambulidwa. Kenaka dokotala amakhala pa kompyuta. Poyamba pa sikirini pamaoneka ubongo wotuwa, wozunguliridwa ndi mkombero woyera mbee. Akadina batani, ubongo uja umasanduka phulusa lopanda maonekedwe, koma chibade chimaoneka bwino mpaka mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Wodwala sanamujambulenso. Chimene chasintha ndi mmene kompyuta ikuonetsera manambala omwe aja.

Zoona zake n'zakuti makina a CT satulutsa chithunzi, amatulutsa manambala. Cheza cha ekiselo chimadutsa m'thupi kuchokera mbali zonse, ndipo kompyuta imawerengera kuti kadontho kalikonse ka m'thupi katchinga chezacho mochuluka bwanji. Kadontho kalikonse kamapatsidwa nambala yake, imene pa sikirini imalembedwa ndi zilembo za HU. Zilembozi zikukumbutsa Godfrey Hounsfield, injiniya wa ku England amene makina ake anajambula wodwala woyamba mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Mu 1979 iye analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Allan Cormack, yemwe anabadwira ku South Africa.

Muyeso wa Hounsfield unakhomedwa pa zikhomo ziwiri: madzi ndi 0, mpweya ndi -1000. Zina zonse zimapeza malo ake potengera ziwirizi. Mafuta a m'thupi amakhala cha pa -100. Mapapo, poti ndi odzaza mpweya, amakhala cha pa -800. Ubongo uli pakati pa 20 ndi 45, magazi amene angoundana kumene ali pakati pa 50 ndi 80, ndipo fupa lolimba limafika 1000 n'kupitirira.

Vuto limayambira apa. Makina ambiri amasunga manambala okwana 4096, kuchokera pa -1024 mpaka 3071. Sikirini wamba imatha kuonetsa mitundu 256 ya kutuwa pakati pa kuda ndi kuyera, ndipo diso la munthu limasiyanitsa yochepa kwambiri kuposa pamenepo. Kuika manambala onsewo pa chithunzi chimodzi kuli ngati kuyeza mchere wa mu ndiwo pa sikelo yoyezera matumba a chimanga: muvi sugwedezeka n'komwe. Ubongo, magazi ndi madzi zonse zingaoneke zofanana.

Choncho dokotala amasankha chigawo chimodzi cha manambala chimene akufuna kuchionetsetsa, ndipo chigawochi amachitcha zenera. Zenera lili ndi miyeso iwiri imene imalembedwa pakona pa chithunzi: WL ndi nambala yapakati, WW ndi kutambalala kwake. Chilichonse chimene nambala yake ili pansi pa zenera chimaoneka chakuda bii, chimene chili pamwamba pake chimayera mbee, ndipo mitundu yonse ya kutuwa imagawidwa kwa manambala a m'kati mwa zeneralo basi.

Tibwerere kwa mnyamata wa pa kabaza. Zenera la ubongo kawirikawiri limakhala WL 40, WW 80, kutanthauza kuti likuonetsa kuyambira 0 mpaka 80. Ndi lopapatiza mwadala. Mnofu wa kunja kwa ubongo umasiyana ndi wa m'kati ndi manambala pafupifupi 10 okha, koma pa zenera la 80 kusiyana kumeneko n'kokwanira kuti diso likuone. Dokotala akaona kuti malire a minofu iwiriyi afufutika, amadziwa kuti ubongo watupa kapena wasowa magazi. Fupa lonse pano limangoyera, choncho mng'alu sungaoneke bwino.

Pofuna fupa, amatambasula zenera, mwachitsanzo WL 500, WW 2000, ndiye kuti kuyambira -500 mpaka 1500. Tsopano khungu lolimba la fupa lasiyana ndi m'kati mwake mofewa, ndipo mng'alu ukuoneka ngati mzere wakuda. Koma kusiyana kwa 10 kwa mu ubongo kuja kwamira m'manambala 2000, sikungaonekenso.

Pali msampha wina umene ndimaona kuti ndi woopsa koposa. Tiyerekeze kuti magazi opyapyala aundana pansi penipeni pa chibade, ndipo nambala yawo ndi 70. Pa zenera la ubongo, 70 ali pafupi kwambiri ndi 80, motero magaziwo amaoneka oyera ndithu n'kuphatikana ndi fupa loyera limene agundana nalo. Wowerenga mothamanga amangoti chibade n'chokhuthala pang'ono mbali imeneyo. Dokotala wosamala amatsegula zenera lachitatu, monga WL 75, WW 200, loyambira pa -25 mpaka 175. Apa 70 wagwera chapakati, magazi atuwa, fupa lidakali loyera, ndipo kachigawo ka magazi kaja kaonekera kokha ngati mwezi wongokhala kumene. Magazi oterewa akapanda kuoneka angapitirize kuchuluka mpaka kupanikiza ubongo.

Ngati mnyamatayo anamenyetsanso chifuwa, nkhani ndi yomweyo. Pa zenera la mnofu mapapo amangoda onse, chifukwa -800 ali kutali pansi. Akatsitsa zenera kufika pa WL -600, WW 1500, timitsempha ta m'mapapo timaoneka ngati nthambi, ndipo mpweya umene wathawira kunja kwa papo, wa pa -1000, umasiyana ndi papo lenilenilo.

Manambalawa ali ndi malire ake. Magazi oundana sakhala oyera mpaka kalekale. Pakapita sabata imodzi mpaka zitatu nambala yawo imatsika n'kufanana ndi ya ubongo, kenaka amada kuposa ubongo. Munthu wa magazi ochepa kwambiri m'thupi, zimene kwathu kuno si zachilendo, angakhale ndi magazi atsopano m'mutu amene sakuyera monga timayembekezera. Pamenepo zenera lokha silikwanira. Dokotala amayang'ana ngati mzere wapakati pa ubongo wakankhidwira mbali imodzi kapena ngati makwinya a ubongo afufutika, ndipo amafunika kuuzidwa tsiku lenileni limene munthu anavulala. Chitsulo nachonso, monga chomatira dzino, chimamwaza mizere yowala ndi yakuda imene imasokoneza manambala a malo oyandikana nacho.

Zonsezi zikukhudza wodwala ndi womudikirira mwachindunji. Filimu imene amakupatsani mu envulopu, kapena chithunzi chojambula pa sikirini ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, chimasunga zenera limodzi lokha. Manambala aja mulibemo, ndipo dokotala wa kuchipatala china sangatambasule kapena kupapatiza kanthu. Ngati anasindikiza zenera la ubongo lokha, mng'alu wa chibade ndi magazi opyapyala aja zingatsale osaoneka, ndipo nthawi zina wodwala amajambulidwanso, kulandira cheza kachiwiri ndi kulipiranso ndalama popanda chifukwa. Mukamatumizidwa kuchipatala china, pemphani kuti akuikireni sikani yonse pa CD kapena pa fulashi m'mafayilo a DICOM, amene amasunga nambala ya kadontho kalikonse, ndipo mutenge pamodzi ndi lipoti lolembedwa.