Chifukwa Chake Makutu Amalira Pambuyo pa Phokoso Kapena Matenda

Kulira kwa m'makutu, komwe madokotala amakutcha tinitasi, ndi phokoso limene munthu amalimva yekha popanda chinthu chilichonse cholira pafupi. Ena amamva mluzu wosalekeza, ena kulirima kwapansipansi. Nthawi zambiri chimenechi ndi chizindikiro chakuti mbali ina ya khutu yavulala kapena yatsekeka.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika kotchedwa kokiliya. M'menemo muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000 timene timagwedezeka mawu akalowa n'kutumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha wa kumva. Phokoso lamphamvu limatopetsa timaseloti kapena kutipha. Uthenga ukachepa, ubongo umadzichunira wokha kuti umvetsetse, ndipo umayamba kumva ngakhale kugwira ntchito kwa mitsempha yake yomwe. Zimafanana ndi wailesi imene yataya siteshoni: mwini wake akakweza mawu, chimene chimamveka ndi kusokosera basi.

Mphamvu ya phokoso imayezedwa m'madesibelo. Khutu limatha kupirira madesibelo 85 kwa maola 8 pa tsiku, koma madesibelo akakwera ndi 3, nthawiyo imatsika ndi theka. Motero wogwira ntchito pachigayo, ngati phokoso pamene waimapo lafika madesibelo 100, amadutsa malire m'mphindi 15 zokha. Masiku oyambirira amaweruka makutu akulira, mawu a anthu akumveka ngati akuchokera kutali, koma pofika m'mawa zonse zatha chifukwa timaselo tapuma. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, timaseloto timafa ndipo sitimeranso. Pamenepo kulirako kumakhazikika, ndipo kumakula usiku kunja kukakhala bata.

Matenda amabweretsa vutoli m'njira ziwiri. Chimfine, mafinya a m'khutu kapena phula lambiri zimatsekereza mawu akunja, ndipo kulira kotereku kawirikawiri kumatha khutu likatseguka. Njira inayo ndi mankhwala. Kwinini wa malungo ndiponso asipirini womwedwa wambiri amaliritsa makutu, koma zimaleka mankhwalawo akatha m'thupi. Jakisoni wa jentamaisini kapena sitireputomaisini angawononge timaselo kotheratu, choncho wodwala amene makutu ayamba kulira akulandira jakisoniyu ayenera kuuza dokotala tsiku lomwelo.

Kupita kuchipatala msanga n'kofunikanso ngati khutu likulira limodzi lokha, ngati kulirako kukutsatira kugunda kwa mtima, kapena ngati kwadza ndi chizungulire kapena kugontha kwadzidzidzi.

Palibe mankhwala akumwa otsimikizika ochotsa kulira kokhazikika. Zipangizo zothandiza kumva, uphungu ndiponso phokoso lapansipansi m'chipinda usiku zimathandiza ubongo kusiya kukulabadira. Chitetezo chenicheni ndi kuvala zotseka m'makutu ndi kuchepetsa nthawi yokhala paphokoso. Ngati anthu awiri otalikirana mita imodzi akufunika kukuwa kuti amvane, phokosolo lafika kale poti lingawononge makutu.