Phunziro la pa memori khadi

Sukulu za m'Malawi zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Kovidi-19, Unduna wa Maphunziro unayamba kuulutsa maphunziro a ku pulayimale pa wailesi. Nzeru imeneyi sinali yachilendo, pakuti pulogalamu ya Tikwere inali itayamba kale pa MBC mu 2008. Koma wailesi siidikira munthu. Mwana wa ku Mua amene ali kudimba kapena watumidwa kuchigayo nthawi ya pulogalamu, phunzirolo lamupita basi. Phunziro lojambulidwa pa memori khadi limadikira, ndipo mwana angalibwereze mpaka alimvetse, popanda bando kapena netiweki.

Pa ntchitoyi lamulo lalikulu ndi limodzi: woweruza ndi foni ya kunyumba kwa mwana, osati ya mphunzitsi. M'midzi yambiri ya ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti, foni yopezeka mosavuta ndi ya mabatani ija, ndipo mwini wake ndi kholo. Palinso timawailesi toyendera sola tokhala ndi polowetsa memori. Zipangizo ziwirizi zimaseweretsa bwino mawu a mtundu wa MP3, koma kanema zimamukana kapena kumuonetsa mwachimbuuzi.

Tiyerekeze mphunzitsi wa Sitandade 8 pa sukulu ina pafupi ndi mishoni ya Mua, amene akufuna kujambula phunziro la kupeza phindu pa 100 iliyonse. Asanagwire foni, alembe zoti anene. Phunziro lisapitirire mphindi 10, chifukwa foni ndi yobwereka ndipo kutchaja batire nkolipira. Popeza mwana sakuona bolodi, zonse zimene choko chikanalemba zituluke pakamwa: "Tenga kope lako. Lemba K20,000, ndalama zimene mayi anagulira usipa. Pansi pake lemba K25,000, zimene anapeza atagulitsa. Chotsera." Apa mphunzitsi akhale chete masekondi 10, kapena auze mwana kuti aimitse foni. Kenako apereke yankho, K5,000, namuuza kuti agawe 5,000 ndi 20,000, achulukitse ndi 100, apeze 25. Mpata wa chete umenewu ndiwo aphunzitsi ambiri amauiwala. Amayankhula mosalekeza ngati akuwerenga nkhani za pa wailesi, mwana n'kumangomvetsera manja ali pamiyendo. Mayeso a masamu amabwera m'Chingerezi, choncho mawu ofunika atchulidwe m'zilankhulo zonse ziwiri, komanso tsamba la buku limene phunzirolo likuchokera.

Malo ojambulira ndi ofunika kuposa mtengo wa foni. Kalasi yopanda ana, ya simenti ndi malata, imabweza mawu ndipo amamveka ngati ochokera m'mgolo. Chipinda chaching'ono chokhala ndi matiresi, makatani kapena matumba a chimanga chimameza mawu obwererawo. Kuchigwa kuno, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nyenje zimalira usana wonse ndipo malata amathetheka ndi dzuwa, pomwe m'dzinja mvula ikagwa padenga palibe chomveka. Nthawi yabwino ndi m'mawa, atambala atatopa. Foni ikhale pa nsalu patebulo, kutali ndi pakamwa ngati utali wa dzanja lotambasula zala, ndipo netiweki ikhale yozimitsa kuti wina asaimbe pakati pa phunziro. Jambulani theka la mphindi kaye, mumvetsere pa foni ya mabatani. Ngati pa "p" ndi "b" pakumveka kuphulika, foni yayandikira kwambiri.

Tsopano nkhani ya kukula kwa fayilo. Mawu a munthu mmodzi amamveka bwino pa MP3 ya 64 kbps, imene imadya pafupifupi theka la MB pa mphindi. Phunziro la mphindi 10 ndiye kuti ndi MB 5, ndipo memori ya 2 GB ingatenge maphunziro oterewa pafupifupi 400. Kanema wa mphindi 10 zomwezo, wojambulidwa ndi foni yamakono osachepetsedwa, angafike pa 1 GB. Fayilo ya MB 5 imadutsa pa Bluetooth munthu akudikira, pomwe ya 1 GB batire limatha isanafike.

Msampha uli apa: mafoni ambiri amakono sasunga mawu ngati MP3. Amasunga ngati `.m4a` kapena mtundu wina, ndipo kawailesi ka sola kamangoidumpha fayilo yotere. Kusintha dzina lokha kuti lithere ndi `.mp3` sikuthandiza, chifukwa zam'kati zimakhala zomwezo. Pamafunika kompyuta yokhala ndi pulogalamu yaulere monga Audacity kapena ffmpeg. Pa ffmpeg lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i phunziro.m4a -ac 1 -b:a 64k 01-MASAMU.mp3
```

Dzina la fayilo liyambe ndi nambala, 01, 02, 03, osati 1, 2, 3, kuopa kuti phunziro la 10 lingatsogolere la 2. Likhalenso lalifupi, poti galasi la foni ya mabatani limaonetsa zilembo zochepa. Timawailesi tambiri sitionetsa dzina n'komwe, ndipo tina timatsata ndondomeko imene mafayilo analowera mu memori. Ndiye akopereni limodzilimodzi motsatana, ndipo phunziro lililonse liyambe ndi mawu onena kalasi, mutu ndi nambala yake.

Memori yeniyeniyo isapitirire 32 GB, ndipo ikonzedwe mwa FAT32. Zazikulu kuposa apo zimabwera mwa exFAT, imene mafoni ambiri a mabatani saiwerenga. Pamsika palinso mamemori achinyengo, olembedwa 32 GB koma m'kati muli malo ochepa. Amalandira mafayilo onse mosakana, kenako ena satseguka. Njira yowagwirira ndi kudzaza memoriyo, kuichotsa, kuibwezeramo ndi kuseweretsa mafayilo oyamba, apakati ndi omaliza.

Kugawa kumadalira njira imene nyimbo zimayendera kale. Anyamata obena nyimbo m'misika ali ndi makompyuta ndipo ntchitoyi amaidziwa, koma makompyuta awo amalandira mamemori a anthu ambiri. Mukaona mafoda asanduka tizizindikiro tokhala ndi kamuvi, vairasi yalowa, ndipo mafayilo abisika, sanafufutike. Sukulu isunge maphunziro onse pa memori ina imene siituluka mu ofesi. Ndipo kunena zoona, mdani wamkulu wa phunziro si vairasi ayi, ndi mchimwene wake wa mwana amene amafufuta masamu kuti aikemo nyimbo. Memori ya sukulu yobwereketsa, yolembedwa m'kaundula ndi kusainidwa ndi kholo, imakhalitsa kuposa kuika phunziro mu memori ya pabanja.

Ku Mua kuli ana ena amene zonsezi siziwafikira. Pa mishoni imene Ansembe Oyera anaikhazikitsa mu 1902, pali sukulu ya ana osamva, ndipo kwa iwo MP3 ilibe ntchito. Amafunika kanema wa chinenero chamanja, ndipo apa kuchepetsa fayilo kuli ndi malire: chithunzi chikachepetsedwa kwambiri, zala zimasakanikirana ndipo chizindikiro chimodzi chimafanana ndi chinzake. Wojambulidwa aoneke kuyambira m'chiuno kufika pamwamba pa mutu, popeza nkhope imanenanso mbali ya uthenga. Kuwala kumufikire chakutsogolo, avale malaya amtundu umodzi osiyana ndi khungu lake, ndipo foni ikhazikidwe pa chinthu chosagwedezeka. Kanema wotere sangayende pa foni ya mabatani. Amafuna foni ya galasi lalikulu kapena tabuleti, zimene mabanja ambiri alibe, choncho ndi bwino kumukonzera kuti azionetsedwa kusukulu kapena pamalo amodzi pomwe ana angapo angasonkhane.

Memori siibweza yankho la mwana kwa mphunzitsi. Pa chifukwa ichi phunziro lililonse lithere ndi mafunso atatu olemba m'kope, ndipo kopelo libwere kusukulu pamodzi ndi memori. Ana ambiri akalakwa funso limodzimodzi, mphunzitsi amvetserenso gawo limenelo ndi kulijambula kachiwiri.