Kukonza Phunziro la Nyimbo ndi Masewera: Kuwerenga Kufikira pa 5

Mwana wa zaka 4 kapena 5 amene amayimba manambala motsatana bwino sindiye kuti wadziwa kuwerenga. Angathe kuchula mawu onse asanu, koma mukamupempha miyala itatu, iye angotapa yodzaza dzanja. Cotero pokonza phunziro musayambe ndi kufunafuna nyimbo. Yambani mwalemba colinga cimodzi cooneka ndi maso, monga ici: pakutha pa phunziro, mwana athe kupereka miyala itatu akapemphedwa. Nyimbo isankhidwe pambuyo pake.

Phunziro lonse litenge mphindi 25, ndipo licitikire pabwalo. Pa mphindi 5 zoyamba ana aime mozungulira, inu mutsogole nyimbo yaifupi yowerenga kulumpha, iwo azivomera. Gwiritsani nchito cuni cimene acidziwa kale, kuti nzeru zawo zikhale pa mawu okha.

Apa pali msampha umene aphunzitsi atsopano ambiri amagwamo. Mawu akuti kamodzi, kawiri, katatu, kanayi ndi kasanu, lililonse lili ndi maphatikizo atatu. Ana akamaomba m'manja pa phatikizo lililonse, adzaomba katatu pa nambala imodzi, ndipo pofika pa kasanu adzakhala ataomba ka 15. Nyimbo idzakoma ndithu, koma mudzakhala mwaphunzitsa kugawa mawu, osati kuwerenga. Lamulo likhale lakuti nambala imodzi, kulumpha kumodzi. Yesani nyimboyo nokha kunyumba, mukulumpha, musanaibweretse kwa ana.

Pa mphindi 8 zotsatira ana alumphe m'malo asanu ozungulira amene mwajambula pansi ndi phulusa kapena makala, anzawo akuwayimbira. Ngati muli ndi ana 40, jambulani mizere inayi. Mzere umodzi ucititsa mwana womaliza kudikira anzake 39, ndipo asanafikepo, kukankhana kudzakhala kutayamba.

Kenaka ana akhale awiriawiri, asewere msika kwa mphindi 8. Wogulitsa akhale ndi miyala isanu, yaikulu ndithu kuti isalowe m'mphuno kapena m'khutu, ndipo wogula apemphe iwiri kapena itatu. Zindikirani kuti mawu asintha tsopano: polumpha tinati katatu, koma pa miyala titi itatu. Mwana akanena kuti miyala katatu, musamudzudzule. Bwerezani mawuwo molondola pomulandira miyalayo, masewera apitirire.

Mphindi 4 zotsala n'zokhazika mitima pansi: ana akhale, ayimbe nyimbo ija motsitsa mawu, akuwerenga zala. Kuyesa kwenikweni kucitike pa nthawi ya msika. Pitani kwa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense mumupemphe miyala itatu popanda nyimbo. Akawerenga, mufunseni kuti ilipo ingati. Woyankha kuti itatu wamvetsa. Woyambanso kuwerenga, kapena amene cala cake cithamanga kuposa pakamwa, mlembeni dzina, ndipo mawa ayambire pa miyala iwiri.