Dongo pa Mkombero wa Chimbale Chozungulira

Woumba mbiya amene amagwira ntchito pa gudumu amadziwa kuti dongo likagwera pa gudumu lozungulira, liwiro limatsika nthawi yomweyo. Mwana wa sukulu amene wakumana ndi funso limeneli pamayeso amafunsidwa zinthu ziwiri: liwiro latsopano, ndiponso mphamvu imene yatayika. Ambiri amaphonya funso loyamba chifukwa choganiza kuti palibe chimene chatayika.

Chitsanzo ndi ichi. Pali chimbale chathabwa, chochindikala mofanana paliponse, cholemera makilogalamu 4. Kuchokera pakati pake kufika kumkombero ndi theka la mita. Chikuzungulira chokha pa chitsulo chothira girizi, popanda injini, maulendo 60 pa mphindi imodzi. Tsono mbulunga ya dongo lonyowa yolemera kilogalamu imodzi yagwa kuchokera pamwamba, ndipo yamatirira kumkombero kwenikweni.

Chinthu chozungulira chili ndi liuma, ndiye kuti chimakana kusintha liwiro lake. Liumalo limadalira kulemera, koma makamaka kutalikira kwa kulemerako kuchokera pakati. Dongo lonse lakhala kumkombero, motero liuma lake limapezeka pochulukitsa kulemera ndi mtunda, kenaka ndi mtunda womwewo kachiwiri: 1 × 0.5 × 0.5, zimene zipereka 0.25. Chimbale nchosiyana, pakuti thabwa lake lina lili pafupi ndi pakati pomwe kuyenda nkochepa. Masamu amaonetsa kuti chimbale chotere chimawerengedwa theka lokha: ½ × 4 × 0.5 × 0.5, ndiye 0.5. Kunena kwina, chimbale cha makilogalamu 4 chimachita ngati makilogalamu 2 okhala kumkombero. Nchifukwa chake kadongo kooneka konyozeka kamasintha zinthu kwambiri.

Liuma likachulukitsidwa ndi liwiro, pamatuluka chiwerengero chimene akatswiri amachitcha angula momentamu. Chiwerengerochi sichisintha pokhapokha chinthu chakunja chitapotokola chimbalecho. Dongo ndi chimbale zimakankhana zokhazokha, ndipo dongo logwa choongoka silibwera ndi kuzungulira kwake. Poyamba chiwerengerocho ndi 0.5 × 60, ndiye 30. Dongo litamatirira, liuma lakwera kufika 0.75, koma 30 uja ali pomwepo. Kugawa 30 ndi 0.75 kumapereka 40. Chimbale tsopano chikuzungulira maulendo 40 pa mphindi.

Mphamvu ya kuyenda ili ndi khalidwe lina, chifukwa liwiro limalowamo kawiri. Pofanizira, poyamba pali 0.5 × 60 × 60, ndiye 1800; pambuyo pake pali 0.75 × 40 × 40, ndiye 1200. Gawo limodzi mwa magawo atatu lapita. Mu muyeso weniweni wa mphamvu, wotchedwa julo, chimbale chinali ndi majulo pafupifupi 9.9, chatsala ndi 6.6, ndipo 3.3 atayika.

Nanga apita kuti? Pamene dongo likukhudza thabwa, mkombero ukuthamanga mamita atatu ndi pang'ono pa sekondi, pomwe dongolo silikupita cham'mbali nkomwe. Kuti lifike pa liwiro la mkombero liyenera kukokedwa, ndipo pokokedwapo limakhuzumuka, kuphwanyika ndi kusintha maonekedwe. Ntchito imeneyo imasanduka kutentha, ndipo pang'ono chabe imamveka ngati phokoso loti phwa. James Joule wa ku Mangalande ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1840 kuti ntchito imasanduka kutentha mwa muyeso wokhazikika. Apa kutenthako nkochepa zedi. Dzanja silingakumve, pakuti dongo silikwera ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a digiri.

Wophunzira amene ayamba ndi mphamvu, nanena kuti 1800 akhalabe 1800, amapeza maulendo pafupifupi 49. Yankholi nlolakwa, ndipo chizindikiro chake nchapafupi: 0.75 × 49 ndi pafupifupi 37, kuposa 30 woyamba uja, ngati kuti wina wakankha chimbale pomwe palibe wachikhudza. Mawu akuti "lamatirira" akaoneka m'funso, mphamvu iwerengedwe pomaliza.

Malo ogwera dongo nawo ndi nkhani. Likagwera pakati pa mkombero ndi chitsulo, liuma lake limatsika kanayi, kufika 0.0625, ndipo chimbale chimatsala ndi maulendo 53 ndi pang'ono; mphamvu yotayika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi anayi. Nzosadabwitsa kuti woumba amaponya dongo pakati penipeni, ngakhale chifukwa chake chachikulu nchakuti mbiya ituluke yoongoka.

Kawerengedwe konseka kamagwira pa kamphindi kakugunda kokha, chitsulo chisanayambe kudya liwiro. Pakakhala injini, kapena dongo likaponyedwa cham'mbali motsata mkombero, 30 uja sakhalanso 30: dongo lothamanga kuposa mkombero limaonjezera liwiro la chimbale, ngakhale mphamvu ina imatayikabe pogundapo.