Funso lomwe woloweza notsi sangalidutse

M'sukulu za pulayimale funso ili limabwera kawirikawiri pa mayeso a sayansi: "Tchulani zinthu zitatu zofunika kuti mbewu imere." Ana amalemba madzi, mpweya ndi kutentha, nkutenga malikisi onse atatu. Koma yankholi analikopera pa bolodi, ndipo ngakhale mwana amene sadziwa chimene mbewu imachita ndi mpweyawo amakhoza.

Mphunzitsi wofuna kudziwa ngati ana amvetsa amayamba wasankha mfundo imodzi yokha, monga yakuti mbewu imafuna mpweya kuti imere. Kenako amayiika pa chinthu chimene ana amachiona kwawo koma sichili m'notsi. Funso litha kukhala lotere: "Mlimi anadzala chimanga m'dambo. Madzi anadikha m'mundamo kwa sabata yathunthu ndipo chimangacho sichinamere. Fotokozani chifukwa chake."

Asanapereke funsolo, mphunzitsi alembe kaye yankho limene akuliyembekezera ndi kagawidwe ka malikisi. Pano malikisi ndi awiri. Imodzi ndi ya mwana wonena kuti mbewu zinasowa mpweya. Inayo ndi ya wofotokoza kuti madzi anadzadza timipata ta m'dothi momwe mumakhala mpweyawo. Mwana akalemba m'mawu akeake, kuti mbewu zinalephera kupuma, apatsidwe malikisi ake. Kumumana chifukwa sanalembe monga mwa buku nkubwereranso ku kuloweza komwe kuja.

Phindu lalikulu lili m'mayankho olakwika. Wolemba kuti "madzi anachuluka" wangobwereza zimene funso lanena kale. Wolemba kuti "kunalibe dzuwa" akuganiza kuti chimanga chimafuna kuwala kuti chimere, chikhalirecho chimamerera mu mdima pansi pa dothi. Wondandalika zinthu zitatu zija waloweza, koma walephera kusankha chimene chinasowa m'dambomo. Aliyense mwa anawa akufunika thandizo losiyana ndi la mnzake.

Pali ana enanso amene adzalemba kuti mbewu zinaola. Sakunama, chifukwa ndi zimene zimachitikadi m'munda wodikha madzi. Mphunzitsi asankhiretu ngati yankholi lilandire malikisi, kapena akhwimitse funso pofunsa kuti mbewuzo zinasowa chiyani. Akapanda kutero, adzachonga mapepala oyamba mosiyana ndi otsiriza.

Mafunso otere amaonongeka mosavuta. Nkhani ikatalika, mayeso amasanduka a kuwerenga, makamaka kuno ku Malawi komwe mayeso a sayansi a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi. Ziganizo ziwiri kapena zitatu za mawu odziwika ndi zokwanira. Funso lisaulule yankho potchula mpweya. Ndipo likagwiritsidwa ntchito chaka ndi chaka, ana amaliloweza nalonso, choncho teremu ina mufunse chifukwa chimene chimanga cha m'nkhokwe sichimera.

Musanasindikize mayeso, patsani mphunzitsi mnzanu funsolo aliyankhe osaona yankho lanu. Akabwera ndi yankho lina lomveka, konzani funsolo lisanafike kwa ana.